Ngongole ya ku banki mkhonde: muone kaye kuti katundu azitha masiku angati

Funso limene ndimalandira kwambiri ndikakhala ndi magulu a banki mkhonde ndi lakuti "alangizi, ndikatenga ngongole ndiyambe geni yanji?" Ine ndimayankha ndi funso linzake, kuti ndalamayo mukaiika mu geniyo ibwerera mmanja mwanu pakatha masiku angati. Anthu ambiri omwe ndawaona akuvutika ndi ngongole yoyamba katundu anasankha wabwinobwino ndithu, chinawapweteka nchakuti katunduyo amayenda pang'onopang'ono pomwe tsiku lobweza limabwera mothamanga.

Mmagulu ambiri lamulo limati mutha kubwereka mpaka katatu ka masheya omwe mwasunga, mubweze pasanathe miyezi itatu, ndipo mwezi uliwonse pamakhala chiwongola dzanja chomwe gulu linagwirizana. Katatuko ndi polekezera chabe, sikuti mukuyenera kutenga zonse ayi. Amene akuyamba kumene atenge zoti geni itakanika masheya ake angathe kutseka mbali yaikulu ya ngongoleyo, chifukwa paja ndalama zimenezi ndi za anzanu omwe mumakhala nawo pa mkeka umodzi sabata ndi sabata.

Tiyeni tiwerengere limodzi, manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Mayi wina wabwereka 30,000 pa 10 peresenti pamwezi kuti azigulitsa sopo. Waoda sopo 60 pa mtengo wa 400 mmodzi, yapita 24,000, thiransipoti popita ndi pobwera 2,000, ndipo 4,000 yotsalayo waisunga osaikhudza. Akugulitsa 500 mmodzi, ndiye sopo yense akatha apeza 30,000. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, amaona 30,000 mmanja nkumati zayenda, koma 24,000 ndi mpamba woti akaodenso, 2,000 ndi ya ulendo, phindu lenileni ndi 4,000 basi pa ulendo umodzi.

Tsopano mbali ya gulu. Ngati akubweza 10,000 mwezi uliwonse ndipo chiwongola dzanja chikuwerengedwa pa ndalama yotsala, mwezi woyamba apereka 13,000, wachiwiri 12,000, wachitatu 11,000, zonse pamodzi 36,000. Magulu ena amawerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga poyamba mpaka mumalize, apo chiwongola dzanja chikhala 9,000 mmalo mwa 6,000, ndiye mufunse mlembi musanasaine, musachite manyazi.

Sopo uja akamatha pa sabata imodzi, mayiyu apanga maulendo anayi pamwezi, phindu 16,000, abweza 13,000 ija mpamba osaugwira nkomwe ndipo miyezi itatu ikatha geni yonse yasanduka yake. Akamatha pa masabata awiri phindu ndi 8,000 pamwezi, ndiye kuti akwanitse 13,000 akuyenera kutapa 5,000 kwina, mwezi woyamba 4,000 yosunga ija imuthandiza koma 1,000 ichokera mu mpamba, mwezi wachiwiri apitiriza kudya mpamba, aoda sopo wochepa pomwe thiransipoti ikadali 2,000 yomweyo. Ngongole amaliza ndithu koma atsala ndi kageni kofooka. Nanga akamatha pamwezi? Phindu 4,000, chiwongola dzanja 3,000, ndiye kuti mwezi onse wakhalira padzuwa chifukwa cha 1,000 ndipo 10,000 ya gulu ichokera mu mpamba. Sopo ndi yemweyo, mtengo ndi omwewo, chasintha ndi liwiro lokha.

Nchifukwa chake ndimati musanapemphe ngongole mutaye masiku angapo mukuyang'ana malo omwe mukufuna kugulitsira. Pakudutsa anthu angati, ena ogulitsa zomwezo alipo angati, amagulitsa zingati patsiku. Kuti sopo 60 athe pa sabata mukufunika kugulitsa 8 kapena 9 tsiku lililonse, ndiye mudzifunse moona mtima ngati malo anuwo angakupatseni makasitomala amenewo. Mukatha kuyesa ndi kandalama kanu, sopo 10 kaya 15, ndi bwino kwambiri, muona nokha mmene akuyendera. Mukapeza kuti pa sabata mungagulitse 30 basi, bwerekani theka, chiwongola dzanja chimawerengedwa ngakhale pa katundu yemwe wangokhala mu katoni. Kungoti mukaoda wochepa muonenso za ulendo, sopo 30 phindu lake ndi 3,000 ndipo 2,000 ikapita ku thiransipoti mwatsala ndi zochepa kwambiri, apa ndi pofunika kuphatikizana ndi mnzanu wa mgulu kuti mmodzi akaodere nonse mugawane mtengo wa ulendo.

Pali zinthu zina zabwino koma sizigwirizana ndi ngongole ya miyezi itatu, ndipo izi zimandimvetsa chisoni chifukwa maganizo ake amakhala abwino. Mbuzi imatenga bere pafupifupi miyezi isanu, kenako mwana akule, ndiye mukagula mbuzi ndi ngongoleyi mudzabweza ndi chani? Mapeto ake mumagulitsa mbuzi yomweyo motchipa chifukwa tsiku lakwana. Chimodzimodzi kulima mbewu yodikira miyezi inayi, pokhapokha ngati muli ndi kwina kodalirika kopezera ndalama yobwezera. Zoterezi zidikire nthawi yogawana masheya, ndalama imeneyo ilibe okuthamangitsani. Komanso muone kuti gulu latsala ndi nthawi yaitali bwanji kuti ligawane, chifukwa ngongole zonse zimayenera kubwerera mu bokosi kugawana kusanachitike, mukatenga kumapeto mutha kupatsidwa mwezi umodzi okha.

Geni ikayamba, mbava zake zimakhala ziwiri ndipo zonse ndi za pakhomo pomwe. Yoyamba ndi kukongoza. Pa sopo 60 uja, anthu akatenga 10 kuti adzapereka mawa ndiye kuti 5,000 ili kunja, kuposa phindu lonse la ulendowo, ndipo inu simungakaode ndi malonjezo. Ndikudziwa kuti kukaniza achibale kapena aneba nkovuta, koma pa miyezi itatu imeneyi muziwauza chilungamo kuti katunduyu ndi wa gulu, ambiri amamva. Yachiwiri ndi kutapa, lero sopo mmodzi wochapira pakhomo, mawa 500 ya mwana kusukulu, palibe tsiku lomwe mumaona kuti mwawononga. Mukatenga sopo lipirani ngati kasitomala, ndipo ndalama ya geni ikhale ndi chikwama chakechake. Abambo kapena amayi akunyumba muwaonetse masamu onsewa musanatenge ngongole, asamadzaone ndalama ya mpamba nkumayesa ndi yodyera.

Chizindikiro choti zinthu zikupita kolakwika chimaoneka tsiku lokaoda. Ngati ulendo watha munagula 60 ndipo lero ndalama ikukwana 52 pomwe mtengo sunakwere ndipo ku gulu simunapereke kanthu, mpamba ukudontha penapake, khalani pansi ndi kope muone kuti sopo 8 wapita kuti. Kope lake losavuta, tsiku, zomwe mwagulitsa, zomwe zatuluka. Ndalama yobweza muzipatula tsiku ndi tsiku, 13,000 pamwezi ndi pafupifupi 450 patsiku, ndipo ngati gulu lanu limalola kubweza pa msonkhano uliwonse kaperekeni sabata ndi sabata isagone mnyumba.

Mukaona kuti mwezi uno simukwanitsa, kaya kunagwa matenda kaya katundu anaima, kanenni ku gulu tsiku lisanafike. Magulu ambiri ali ndi thumba la zadzidzidzi lothandiza pa matenda ndi maliro, pemphani kumeneko mmalo motapa mu geni, ndipo pa ngongoleyo perekani chiwongola dzanja ndi kalikonse komwe mwapeza kenako mupemphe kuti akuonjezereni nthawi monga mwa malamulo anu. Chomwe ndimakaniza ndi mtima wanga onse ndi kukatenga katapila kapena kubwereka ku gulu lina kuti mutseke ngongole iyi, chifukwa sopo uja phindu lake likadali 4,000 pa ulendo ndipo tsopano akuyenera kudyetsa ngongole ziwiri.