Kuwerengera makabohaidireti pa mbale ya nsima, masamba ndi nyama

Ndili ndi matenda a shuga. Ndingawerengere bwanji makabohaidireti ndikamadya nsima, masamba ndi nyama?

Yambani ndi ufa, osati nsima yophika kale, chifukwa nsima yolimba ndi yofewa zimasiyana madzi. Magalamu 100 a ufa wa chimanga amakhala ndi makabohaidireti okwana pafupifupi magalamu 75. Mgaiwa nawonso muziuwerengera chimodzimodzi. Madeya ake sachotsa sitachi.

Yezani ufa pasikelo musanaphike. Tiyerekeze kuti ndi magalamu 400: mumphikamo muli makabohaidireti okwana magalamu 300. Mukaomola mitanda 10 yofanana, uliwonse uli ndi magalamu 30. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, poomola mitanda yosiyana kukula, ndiye gwiritsani ntchito chipande chimodzimodzi nthawi zonse.

Kenako ndiwo. Kapu ya mpiru kapena chibwabwa chophika ili ndi makabohaidireti okwana pafupifupi magalamu 5. Nyama ilibe, pokhapokha msuzi mwathiramo ufa kapena mbatatesi.

Mitanda iwiri ndi kapu imodzi ya masamba, zonse pamodzi magalamu 65. Yerekezani ndi mlingo umene anakupatsani kuchipatala, ndipo yezani shuga pakatha maola awiri chiyambireni kudya. Akamapitirira 10 mmol/L kawirikawiri, kambiranani ndi dokotala. Ngati mumabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a shuga a glibenclamide, musachepetse nsima mwadzidzidzi: shuga angatsike kwambiri, n'kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta.