Musamadalire chithunzi chimodzi poyang'ana mitambo ya pa setilaiti

Pa chithunzi cha infuraredi, chija cholembedwa IR, kuyera kumatanthauza kuzizira basi. Pamwamba pa mtambo wa mabingu pamafika -60°C kapena kutsika kuposa apo, koma mitambo yopyapyala ya m'mwamba kwambiri nayonso ndi ya ayezi wozizira, moti imayeranso ngakhale kuti sigwetsa ndi dontho lomwe.

Ndiye ngati ndi masana, tsegulaninso chithunzi cha kuwala kwa dzuwa, cholembedwa VIS, cha malo omwewo ndi ola lomwelo. Tinene kuti pa IR mwaona zigamba ziwiri zoyera. Pa VIS chimodzi chayera mbee, m'mphepete mwake mwadulika bwino, pamwamba pali timabampu toponya mthunzi, makamaka dzuwa likapendeka. Umenewo ndi mtambo wochindikala wa mabingu. Chinacho chatuwa, chatambalala ngati ulusi wa thonje, ndipo gombe la nyanja likuonekera pansi pake. Chimenecho chisakudetseni nkhawa.

Chimene chimapusitsa ambiri ndi denga la mtambo wa mabingu. Mphepo ya m'mwamba imalikankhira mbali imodzi mtunda wautali, koma mvula yamphamvu imagwa pansi pa kachigawo kozizira kwambiri, kawirikawiri cha kumbali kumene mphepoyo ikuchokera, komwe m'mphepete mwadulika mwakuthwa.

Usiku VIS kulibe, choncho yendetsani zithunzi za IR za maola awiri motsatizana. Kadontho kobadwa pamalo amodzi n'kumakula mofulumira, kukuzizirirabe, ndi mabingu. Mitambo yopyapyala imangotsetsereka ndi mphepo osasintha kwenikweni maonekedwe.