Phindu lilipo koma mkabati mulibe ndalama

"Buku likuti ndapindula K60,000 mwezi uno koma mkabati muli K15,000 yokha, ndiye kuti wina akundibera?"

Achimwene musathamangire kunamizira mwana wa pashopu, phindu ndi ndalama ya mmanja nzosiyana. Yambani mwapeza phindu lenileni, tengani zonse mwagulitsa kuphatikizapo zangongole, muchotsepo mtengo woodera katundu amene watuluka yekhayo, osati yense munapikula, kenako lendi, thiransipoti ndi magetsi. Tinene mwagulitsa za K400,000, katunduyo munaoda pa K300,000, zolipira zina K40,000, phindu ndi K60,000 ija.

Tsopano isakeni. Tsegulani kabuku ka ngongole, anthu aja amati ndilembereni shuga ndidzapereka malipiro akatuluka, ngati pali K20,000 ya mwezi uno imeneyo ndi phindu la papepala, simungaodere nayo kanthu. Kenako werengani katundu ali pashelefu pa mtengo woodera, apa mpomwe ambiri amasokonekera. Ngati mwezi unayamba ndi katundu wa K150,000 pano alipo wa K165,000, ndiye kuti K15,000 yasanduka sopo ndi mafuta ophikira, sinabedwe ayi, yangokhala pamenepo kudikira kasitomala. Chomaliza ndi zomwe munatapa nokha, ya ndiwo, ya mayunitsi, kaya Fanta wa alendo, izinso zilembedwe ndithu, tinene K10,000.

20 kuphatikiza 15 kuphatikiza 10 ndi 45, chotsani pa 60 patsala K15,000 yanu ija, bola mwezi unayamba mkabati mulibe kanthu. Zikapanda kugwirizana onaninso ya pa Airtel Money kapena Mpamba musanaloze munthu chala.