Momwe mungadulire mageti pa fuloo saitometa poyeza CD4 ndi CD8

Mu labu yathu kuno ku Mangochi, aliyense watsopano akaona madontho pa sikirini amangoti kakasi. Dontho lililonse ndi selo limodzi lomwe ladutsa pa kuwala kwa leza. Likakhala kumanja kapena pamwamba, ndiye kuti lawala kwambiri pa chomwe mzere wa mbali imeneyo ukuyeza.

Za kukonza sampulo sindichedwapo: magazi a mu chubu cha EDTA, maantibode, mphindi 15 mumdima, kenako mankhwala oswa maselo ofiira. Koma maantibode amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Wogulitsa wotchipa akabwera nawo ayezi atasungunuka ndi dzuwa la kunyanja kuno, abwezeni, musamve zoti "ndi abwinobwino, bwana".

Yambani ndi FSC-A ndi SSC-A. Woyambayo amaonetsa kukula kwa selo, winayo kuchuluka kwa timibulu ta m'kati mwake. Zinyalala zimaunjikana pansi kumanzere, malimfosaiti amapanga kagulu kothinana chapafupi pomwepo. Zungulizani kaguluko, ndiyo geti yanu yoyamba. Kenako pa FSC-A ndi FSC-H tengani okhawo ali pa mzere wopendekera. Otuluka pambali ndi maselo awiri omatirirana. Mukatero sankhani a CD3, omwe ndi malimfosaiti a mtundu wa T, chifukwa mamonosaiti nawonso ali ndi CD4 pang'ono.

Tsopano pomwe ndinapsa ine. Ndinaika CD4 ya utoto wa FITC pansi, CD8 ya utoto wa PE m'mbali, n'kugawa chithunzi panayi. Gulu la CD4, m'malo mogona pansi kumanja, linapendekera m'mwamba mpaka kulowa m'chigawo cha maselo okhala ndi zonse ziwiri. Ndinasangalala, kuyesa ndatulukira zachilendo. Mkulu wanga anangoyang'ana kamodzi. "Achimwene, kompenseshoni munapanga liti?"

M'magazi a munthu maselo otere amakhala ochepa kwambiri. Vuto linali lakuti kuwala kobiriwira kwa FITC kumadonthera m'chowerengera cha PE, ndipo ine ndinali nditasintha mavoteji koma n'kusiya kompenseshoni yakale, yomwe ntchito yake ndi kuchotsa kuwala kodontherako. Chizindikiro chake n'chomwecho, gulu lotalika mopendekera ngati mchira.

Popanga kompenseshoni, konzani chubu chopanda utoto, china cha FITC yekha, china cha PE yekha, muziwerenge pa mavoteji omwe mugwiritse ntchito tsikulo. Pa chubu cha FITC, maselo owala ndi osawala akhale pa msinkhu umodzi pa mzere wa PE. Yerekezani manambala a Median, osadalira maso. Owalawo akatsikira pansi pa anzawo, mwachotsa mopyola.

Zotsalazo ndi masamu. Tinene kuti malimfosaiti ndi 10,000, a CD3 ndi 7,000, a CD4 ndi 4,200. Pa sikirini muona 60 peresenti, koma imeneyo ndi ya a CD3 okha. Pa malimfosaiti onse ndi 42. Polemba zotsatira tchulani geti yomwe mwatengapo nambala.