Momwe mungayesere lamulo la malonda pa mitengo yakale popanda kudzinamiza

Tiyerekeze kuti muli ndi lamulo ili: gulani sheya avareji ya mitengo ya masiku 20 ikakwera kuposa avareji ya masiku 100, ndipo gulitsani ikatsika. Mwapeza mitengo yotsekera ya tsiku ndi tsiku kuyambira 2005 mpaka 2019, ndipo mukufuna kudziwa ngati lamuloli likanakupindulitsani. Kompyuta ikupatsani yankho m'kanthawi kochepa. Vuto ndi loti yankholo limakoma msanga lamulo likamadziwa zinthu zimene munthu wa tsiku limenelo sakanadziwa. Zinthu zimenezi zimalowa pa makomo awiri. Khomo loyamba ndi pulogalamu imene ikusuzumira za mawa. Lachiwiri ndi inu nomwe, amene mwaona kale mbiri yonse ndipo mukusoka lamulo kuti liikwane.

Yambani ndi kutsekera zaka zina

Musanalembe mzere ngakhale umodzi, dulani deta yanu. Zaka za 2005 mpaka 2014 zikhale zogwirira ntchito. Za 2015 mpaka 2019 muziike m'failo ina ndipo musaitsegule, ngakhale kungoona girafu yake. Mutsegulenso kope lolembamo chilichonse chimene muyese, zolephera zomwe. Ntchito ya kopeli muiona kutsogoloku.

Funsani mzere uliwonse: unadziwa liti?

Ambiri pulogalamu yawo yoyamba amailemba chonchi mu Python, pogwiritsa ntchito pandas, chida chosanthulira deta, pamene `close` ndi mndandanda wa mitengo yotsekera ija:

```python
ifupi = close.rolling(20).mean()
itali = close.rolling(100).mean()
gula = (ifupi > itali).astype(int)
kusintha = close.pct_change()
phindu = gula * kusintha
```

Mizere inayi yoyambayo ilibe mlandu. Wachisanuwo ndi umene waba. Taonani masiku awiri okha. Lolemba sheya yatseka pa 100, ndipo avareji yaifupi ikadali pansi pang'ono pa yaitali. Lachiwiri yatseka pa 106, ndipo kulumpha kumeneku n'kumene kwakankhira avareji yaifupi pamwamba. Pa mzere wa Lachiwiri, `gula` ndi 1, `kusintha` ndi 6 peresenti, choncho pulogalamu yakulemberani phindu la 6 peresenti. Koma kuti mudye phindu limenelo munayenera kugula Lolemba pa 100, pamene chizindikiro choti mugule chinali chisanabadwe. Mtengo wa 106 munaudziwa msika utatseka Lachiwiri. Zimachitikanso chimodzimodzi potuluka: tsiku limene mtengo wagwa n'kuzimitsa chizindikiro, pulogalamu imakuonetsani ngati munali mutatuluka kale, ndiye kugwako sikukukhudzani. Mukulandira mphatso polowa ndi potuluka pomwe.

Mankhwala ake ndi kuchedwetsa chizindikiro ndi tsiku limodzi:

```python
phindu = gula.shift(1) * kusintha
```

Apa chizindikiro cha Lachiwiri chikudya kusintha kwa Lachitatu. Ngakhale zili choncho, mzerewu ukadali wokoma mtima, chifukwa ukuganiza kuti munagula pa 106 weniweniyo, mtengo umene munauona msika utatseka kale. Ngati muli ndi mitengo yotsegulira, werengani kuti munagula msika ukutsegula Lachitatu. Ngati mulibe, yesani `shift(2)` muone kusiyana kwake. Lamulo loyenda pang'onopang'ono ngati la 20 ndi 100 siliyenera kusintha kwambiri chifukwa cha tsiku limodzi lowonjezera. Phindu likasungunuka lonse, ndiye kuti linali kukhala pa masiku ochepa a kulumpha amene simukanawagwira.

Pali mabowo ena obisika kuposa ili. Avareji yolembedwa ndi `center=True` imaika tsiku lanu pakati, kutanthauza kuti theka la mitengo yake ndi ya masiku amene sanafike. Kudzaza mipata ya deta ndi `bfill()` kumatenga mtengo wa mawa n'kuuika lero. Kuyerekeza mtengo wa 2007 ndi avareji kapena mtengo wapamwamba wa zaka zonse khumi n'kuuza lamulo za 2014 likadali mu 2007. Mabowo otere simungawapeze onse ndi maso, choncho ayeseni motere: ikani lamulo lanu m'fankishoni yotulutsa chizindikiro, liyendetseni pa deta yonse, kenako pa deta yodulidwa, ndipo yerekezerani.

```python
zonse = lamulo(close)
zodula = lamulo(close[:"2012-06-29"])
print(zodula.equals(zonse[:"2012-06-29"]))
```

Lamulo loona mtima limapereka `True` kulikonse kumene mungadule, chifukwa zimene linasankha mu 2012 siziyenera kusintha mukachotsa 2013. Likapereka `False`, penapake pakudontha. Dulani pa masiku angapo osiyana, makamaka pafupi ndi pamene chizindikiro chikusintha. Dziwani kuti mayeso amenewa sagwira vuto la `shift` lija, chifukwa lija silili m'chizindikiro koma m'mene mwachichulukitsira ndi phindu.

Sagwiranso bodza limene lili m'deta momwemo. Mukatenga mndandanda wa makampani akuluakulu a lero n'kuyesa lamulo pa iwo kuyambira kalekale, mwasankha opulumuka okhaokha. Kampani ya ku America ya Enron inagwa mu 2001, banki ya Lehman Brothers inagwa mu 2008, ndipo onsewa simuwapeza pa mndandanda wa lero ngakhale kuti munthu wa nthawi imeneyo akanatha kuwagula. Mufunika mndandanda monga unalili chaka chilichonse. Ndipo ngati lamulo lanu limawerenga malipoti a makampani, gwiritsani tsiku limene lipoti linatulutsidwa, osati tsiku limene chaka chawo chinatha. Phindu la chaka chothera pa 31 Disembala limalengezedwa patapita masabata kapena miyezi.

Chotsani zolipira musanasangalale

Ili ndi gawo lalifupi koma limapha malamulo ambiri. Ngati kugula kapena kugulitsa kulikonse kumakudyerani 0.1 peresenti, kuphatikiza komishoni ndi kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, lamulo lochita zimenezi ka 40 pa chaka lataya pafupifupi 4 peresenti lisanayambe. Ikani zimenezi m'pulogalamu tsopano, musanayambe kusankha manambala, apo ayi musankha lamulo lothamanga kwambiri limene silingakhale ndi moyo pa msika weniweni. Muyerekezenso ndi munthu amene anangogula n'kusunga zaka zonsezo.

Pamene dzanja limayamba kuyabwa

Mabowo mwatseka, zolipira mwachotsa, ndipo 20 ndi 100 ikupereka phindu lochepa. Apa m'pamene maganizo amabwera akuti, bwanji 25 ndi 120? Bwanji ndingoyesa zonse? Avareji yaifupi kuyambira 5 mpaka 50 modumpha 5 ndi manambala 10. Yaitali kuyambira 60 mpaka 250 modumpha 10 ndi manambala 20. Pamodzi ndi malamulo 200, ndipo limodzi mwa iwo lidzakhala pamwamba basi, ngakhale mitengoyo ikanakhala ya maere.

Masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti lamulo lopanda pake lili ndi mwayi wa 5 pa 100 woti lioneke labwino mwangozi. Mukayesa malamulo 20 osagwirizana, mwayi woti onse alephere ndi `0.95**20`, imene ndi pafupifupi 0.36. Ndiye kuti mwayi woti limodzi lioneke labwino ndi 64 pa 100. Malamulo 200 athu aja ndi apachibale, chifukwa 20 ndi 100 imagula pafupifupi nthawi imodzi ndi 25 ndi 100, choncho sitingawawerenge ngati 200 osiyana. Komabe ndi ochuluka mokwanira kutulutsa ngwazi yabodza. N'chifukwa chake kope lija ndi lofunika. Munthu amene akuti lamulo lake linapindula 14 peresenti pa chaka, osanena kuti linali labwino kwambiri pa 200, wakuuzani theka la nkhani, ndipo kawirikawiri woyamba kunamizidwa amakhala iye mwini.

Ndiye mukayesa zonse 200, musathamangire nambala yapamwamba. Yalani zotsatira m'tebulo, avareji yaifupi m'mizere, yaitali m'madanga, n'kuyang'ana anansi. Tiyerekeze kuti 35 ndi 170 yapereka 14 peresenti, koma 30 ndi 170 yapereka 5, ndipo 35 ndi 180 yapereka 6. Palibe chifukwa cha msika chimene chingachititse kuti masiku 170 akhale anzeru pamene 180 ndi opusa. Chimene chachitika n'choti lamulo limenelo linatuluka mwamwayi kutatsala tsiku limodzi kuti mtengo ugwe kwambiri, mwina kamodzi kapena kawiri pa zaka khumi. Koma mukaona dera lonse, tinene kuyambira 15 mpaka 30 ndi kuyambira 90 mpaka 130, likupereka pakati pa 7 ndi 9, sankhani pakati pa dera limenelo. Ine ndimakhulupirira 8 wokhala ndi anansi kuposa 14 woima yekha.

Werenganinso kuti lamulo linagula kangati. Zaka khumi zili ndi masiku a malonda pafupifupi 2,500, ndipo nambala imeneyi imapusitsa. Lamulo loyenda pang'onopang'ono limalowa pa msika kangapo chabe pa chaka, ndiye umboni wanu weniweni ungakhale malonda 20 kapena 30. Chotsani atatu opindulitsa kwambiri muone chotsala. Malamulo otsata kayendedwe ka mtengo amadalira ndithu malonda ochepa aakulu, zimenezo si mlandu, koma muyenera kudziwa kuti chikhulupiriro chanu chaima pa zochitika zitatu. Ndipo chenjerani ndi zigamba. Mukaona kuti lamulo linataya ndalama mwezi wina wa 2011 n'kuwonjezera kachiganizo koletsa kugula pa nthawi yofanana nayo, mwasoka chigamba pa bowo limodzi la mbiri. Chigamba chilichonse chikhale ndi chifukwa chimene mukanachinena musanaone girafu, ndipo chilembedwe m'kope ngati kuyesa kwina.

Tsegulani failo ija, kamodzi kokha

Lembani m'kope manambala amene mwasankha, zolipira, ndi malire amene mungati lamulo lalephera, mwachitsanzo likapanda kuposa kugula n'kusunga pa phindu kapena pa kuchepa kwa kugwa. Kenako liyendetseni pa 2015 mpaka 2019. Yembekezerani kuti zotsatira zitsika poyerekeza ndi zaka zimene munasankhirapo. Kutsika kuchoka pa 8 kufika pa 6 n'kwachibadwa. Kuchoka pa 14 kufika pa 1 ndi chizindikiro choti munaloweza mbiri.

Chovuta kwambiri chimabwera lamulo likalephera. Mtima umafuna kubwerera, kusintha pang'ono, n'kuyesanso pa zaka zomwezo. Mukatero kachiwiri ndi kachitatu, failo ija yasanduka deta yosankhira ngati inzake, ndipo mulibenso choyesera.

Ngati mukuona kuti zaka zisanu n'zochepa, pali njira yoyenda chamtsogolo. Sankhani manambala pa 2005 mpaka 2009, n'kuwagwiritsa ntchito pa 2010 yokha. Sunthani chaka chimodzi: sankhani pa 2006 mpaka 2010, yesani pa 2011. Pitirizani mpaka 2019, ndipo lumikizani zaka khumi zoyesedwazo, n'kutaya zotsatira za zaka zosankhira. Njira yosankhira, pamodzi ndi kutalika kwa zaka zisanuzo, muikhazikitse musanayambe, chifukwa nayonso mukhoza kuisoka. Pamene mukuyenda, lembani manambala amene asankhidwa chaka chilichonse. Akamakhala moyandikana, monga 20 ndi 110, kenako 25 ndi 100, kenako 20 ndi 120, pali kanthu kokhazikika kamene lamulo likugwira. Akamalumpha kuchoka pa 5 ndi 60 kufika pa 50 ndi 250 n'kubwereranso, musaikepo ndalama.