Kalata yopempha nyumba ya lendi uli wophunzira

"Ndikuphunzira ku Ulongwe, ndalama zanga n'zochepa. Ndilembe chiyani kuti mwininyumba andikhulupirire?"

Musanalembe, khalani ndi fotokope ya chiphaso chanu, kalata ya kusukulu yotsimikizira kuti mukuphunzira, ndi munthu wamkulu wovomera kukuimirani ngati mboni.

1. Yambani mwaulemu: "Bambo" kapena "Mayi," dzina lanu, zimene mukuphunzira ndi chipinda chimene mukufuna.

2. Nenani kumene ndalama zimachokera, ndi manambala. Tiyerekeze lendi ndi mametikali 2,000: "Amalume amanditumizira mametikali 3,500 pa M-Pesa pa 28 mwezi uliwonse, ndidzalipira pa 1." Ambiri amalakwitsa apa. Amadandaula za umphawi poyembekezera chifundo, koma mwininyumba akawerenga madandaulo amaona ngongole ikubwera. Ena amakuza ndalama, bodza lake n'kuululika mwezi wachiwiri. Ngati ndalamazo zimadalira kugulitsa mbatata ya kachewere kwanu, nenani zoona, ndipo pemphani kulipiriratu miyezi itatu pa nthawi yokolola.

3. Tchulani mboni yanu, chibale chanu ndi nambala yake ya foni. Muiuziretu, isadzadabwe foni ikalira.

4. Lembani kuti mudzakhala miyezi ingati, ndiponso kuti mudzalipirabe pa holide. Eninyumba amaopa chipinda chosiyidwa mu Disembala muli katundu koma lendi osalowa.

5. Vomerani kugawana ndalama za magetsi a Credelec ndi madzi, nenaninso kuti mudzagona angati.

6. Tsekani ndi tsiku limene mungabwere kudzaonana nawo. Kalata isapitirire theka la tsamba.