Kalembedwe ka methodoloje: bwanji aphunzitsi 12 osati 36?

Tiyerekeze kuti dizeteshoni yanu ikufufuza chifukwa chomwe aphunzitsi a masamu sakonda kugawa ana m'magulu, ndipo m'masukulu atatu omwe mwasankha muli aphunzitsi 40. Choyamba lembani poyera kuti mukufuna zifukwa zawo kudzera mu ma intavyu, simukuwerenga kuti ndi angati. Zonse zotsatira zitsamira pa chiganizo chimenechi.

Kenako nambala ya anthu oti muwafunse, ndipo apa mpomwe chaputala changa anachibweza a supavaiza. Ndinaikamo fomula ya Yamane ya 1967, n = N / (1 + Ne²), poti imaoneka ya sayansi. Ikani N = 40, yemwe ndi aphunzitsi onse, ndi e = 0.05, yemwe ndi mulingo wa kuphonya womwe mwalola, ikupatsani anthu 36. Koma fomulayo ndi ya mafunso a papepala pomwe anthu mwawasankha mwamayere ndipo mukufuna mapelesenti oimira gulu lonse, pomwe ma intavyu saimira aliyense, ndiye wowerenga akangoona Yamane pambali pa intavyu amadziwiratu kuti mwasakaniza njira ziwiri. Komanso ola limodzi la mawu ojambulidwa limadya maola 4 mpaka 6 kulilemba papepala, ndiye anthu 36 mumaliza liti?

Lembani chonchi: ndinasankha dala aphunzitsi 12, anayi pa sukulu iliyonse, awiri atsopano pantchito ndi awiri okhalitsa, kuti ndione ngati zaka zapantchito zimasintha maganizo. Mutha kutsamiranso pa Guest, Bunce ndi Johnson, ofufuza omwe mu pepala lawo la 2006 la ma intavyu a amayi 60 ku Ghana ndi Nigeria anapeza kuti mfundo zambiri zinali zitatuluka kale pofika intavyu ya nambala 12. Koma musaibwereke ngati lamulo, awowo ankafunsa anthu ofanana mafunso ofanana. Onetsani zanu: ka tebulo kosonyeza mfundo zatsopano zomwe intavyu iliyonse inabweretsa. Ngati atatu omaliza angobwereza za kuchuluka kwa ana ndi kuchepa kwa nthawi, muli ndi chifukwa choimira pamenepo. Ngati womaliza wabweretsa nkhani yatsopano, pitani mukafunse ena basi.



Za mtundu wa intavyu, fotokozani kuti munali ndi mafunso okonzeratu pafupifupi 8 koma ndi mpata wofunsa kuti "mukutanthauza chani?", komanso kuti munafunsa mmodzimmodzi chifukwa pagulu mphunzitsi watsopano sangatsutse wamkulu wake. Tchulani kutalika kwake, chilankhulo chomwe munagwiritsa ntchito, ndi yemwe anamasulira.

Zotsalazi ndi zachidule: fomu yachilolezo, mayina obisa, komwe mwasunga zojambula, ndi chiganizo chovomera kuti zomwe mwapeza ndi za masukulu atatuwo okha.